Benchi la a Mukhova ndi Khadi la Ndalama Zisanu

Tinawaika Lachiwiri a Mukhova, chiperoni chikuwaza. Abusa analankhula za ukhuku wawo, kuti anaphikira mamanijala asanu pa esiteti osapsereza nyama ngakhale tsiku limodzi. Za makhadi sanatchule. Palibe anatchula. Poona nkhope, anthu ankayang'ana chipsera cha pamwamba pa diso lamanzere, kenako n'kutembenuka kuyang'ana ine. Ndiye ndati ndilembe ndekha. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma dzanja ndili nalo, ndipo ine Kapitawo Liphava sindinabwerekepo pakamwa pa munthu. Zaka makumi atatu ndinkaima pa sikelo kuyang'anira otchola tiyi. Ndikakuwa kumunda wa kumtunda, akufakitale ankamva. Mawu amenewo ndi amene anapereka chipsera chija.

A Mukhova anali kamunthu kakang'ono, kolankhula ngati kakuopa kudzutsa mwana. Atapuma ntchito sanasiye kuvala epuloni yoyera. Makhadi awo ankasunga m'chitini cha tiyi, atawakulunga m'kansalu ka thumba la fulawa, ndipo asanawagwire ankasamba m'manja mpaka m'zigongono ngati akukakanda buledi. Ankagwirira ntchito pa benchi la pansi pa mpeyala, masana okhaokha. Dzuwa likapendeka ankatseka chitini, ati cha mumdima n'cha akuba.

Anawapatsa ndi dona wina, mkazi wa manijala, amene mvula ikatsekereza ankayala makhadiwo patebulo la kukhitchini n'kumawaphunzitsa. Paketi yonse ankaitcha taroti, ya makhadi 78. Munali a ndodo, a zikho, a malupanga, a ndalama, ndi ena akuluakulu 22 oopsa kuwayang'ana. Pochoka anafuna kuwasiyira onse. A Mukhova anasankhamo khumi ndi anayi okha a ndalama, amene donayo ankati mapentako: kuyambira la ndalama imodzi mpaka la ndalama khumi, kuphatikizapo mnyamata, wapakavalo, mfumukazi ndi mfumu. Enawo anabweza. Ankati iwo ndi khuku, za malupanga ndi za zikho za chikondi sazidziwa, amadziwa za shuga amene amatha mwezi usanathe.

Ndalama iliyonse pa makhadiwo inali yachikasu, ndipo m'kati mwake munali nyenyezi ya nsonga zisanu. Nyenyezi imeneyo muikumbukire.

Kachitidwe kawo kanali kamodzi, ndipo sankasintha. Wobwera ankakhala pa benchi pambali pawo, kumanzere, phewa ndi phewa. Ankanena funso lake mokweza. Ukafunsa kuti kodi ndilemera, ankakubweza, ati funsa za geni imene ili m'manja mwako. Kenako ankasakaniza makhadi, ena akuwatembenuza mitu, iwe n'kudula mulu ndi dzanja lamanzere. Ankayala atatu pa kathebulo, kuyambira kumanzere: kumene wachokera, pamene uli, ndi kumene ukulowera ukapanda kusintha. Lachinayi ankaliika pambali chovundikira, limenelo la langizo, lotsegula pomaliza. Khadi likagwa choongoka limanena zimene zajambulidwazo. Likagwa chozondoka ndiye kuti chinthucho chatsekeka, chapotoka, kapena chikutha. Ndalama sankalandira. Geni ikayenda unkawabweretsera chimene umagulitsa, kaya nthochi ziwiri, kaya kambale ka kalongonda.

Ankakonda kunena kuti khadi silibala tambala, limangokufunsa funso limene mkazi wako anatopa kukufunsa.

Nasibeko, mayi wamasiye amene amaoda nthochi ku Thekerani n'kumagulitsa pa geti la fakitale, anabwera akulira kuti wina akumukawa ndalama ndi chitaka. Pakati panagwa la ndalama ziwiri, chozondoka. Pamenepo pali munthu akuvina ndi ndalama ziwiri, ina dzanja ili, ina dzanja ilo, kumbuyo kwake zombo zikukwera mafunde. A Mukhova anamufunsa kuti ya mchere ndi ya sopo amatenga pati. Anati pa mpango womwewo wa nthochi. Anamupatsa zitini ziwiri zopanda kanthu, china cha mpamba, china cha pakhomo, ati zisamayenderane. Chitaka chinathera pomwepo. Lero Nasibeko ali ndi okala ya malata.

Wina anafuna kuzula mbande za tiyi zimene anadzala pa kamunda kake, ati zaka ziwiri palibe chimene watchola. Linamugwera la ndalama zisanu ndi ziwiri, la mlimi wotsamira khasu akuyang'ana chitsamba chake. A Mukhova anangomufunsa ngati tiyi wa pa esiteti anamera Lolemba n'kutcholedwa Lachisanu. Munthu uja sanazule.

Mdani wawo anali a Chikopa, a katapila, amene tsiku la malipiro a fotinaiti ankakhala pa njinga yamoto pa geti kudikira anthu awo. Pali khadi la ndalama zisanu ndi imodzi, la wamalonda wonyamula sikelo akuponyera ndalama anthu awiri ogwada. Choongoka ndi thandizo labwino, kupatsa ndi kulandira mwachilungamo. Chozondoka ndi thandizo la chingwe kukhosi. Likagwa chozondoka a Mukhova sankatchula dzina la munthu. Ankangofunsa kuti ukabwereka teni, ubweza zingati, n'kukuuza kuti upite kwa amayi a banki mkhonde. Anthu ambiri anasiya njinga ija. A Chikopa anabwera tsiku lina n'kuima kunja kwa mpanda.

"Madala, mukundithyolera bizinesi ndi juga yanuyo."

"Lowani, achimwene, mukhale apa tikuonereni."

"Ine makhadi a nyenyezi ayi. Ndine munthu wa mapemphero."

"Mapemphero a fifite peresenti," anatero a Mukhova, akupukuta kathebulo.

Anthu anaseka. A Chikopa sanaseke, anangosunga chakukhosi.

Tsopano ndinene zanga, chifukwa popanda zanga chipsera chija simungachimvetse.

Nditapuma ntchito anandipatsa ndalama zanga zonse pakamodzi. Sindinagwirepo zochuluka choncho. Ndinazikulunga m'pepala la pulasitiki, kuika m'chitini, kukumba pansi pa bedi. Kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhalenso pansi. Galu akauwa, ine thukuta. Mkazi wanga, make Esinati, ankafuna titengeko gawo titsegule katiyirumu pa geti, tizigulitsa tiyi ndi mandasi kwa otchola. Ndinkakana. Iye ndiye anandikankha kuti ndipite kwa a Mukhova, ndipo ndinapita nditavala jekete la ukapitawo.

Anasuntha pa benchi n'kugogoda thabwa kumanzere kwawo.

"Khalani apa, a Kapito."

Ine kukhala phewa ndi phewa ndi khuku, pamalo pamene pamakhala azimayi a nthochi? Zaka makumi atatu munthu aliyense ankaima kutsogolo kwanga, sikelo pakati. Ndinakoka mpando wa ndalema, ndinaukhazika tsidya lina la kathebulo, moyang'anizana nawo.

"Ndikhala pano. Ndimaona bwino."

"Kumeneko muona zina."

"Yalani, bambo. Maso anga awerenga makilo inu mukusenda anyezi."

Anandiyang'ana pang'ono, osatsutsa. Ndinafunsa za tiyirumu. Ndinadula mulu. Anayala.

Loyamba anati ndi la ndalama zisanu ndi zitatu, la mmisiri wokhala pa benchi akusula ndalama imodzi imodzi ndi hamala. Ati ndi zaka zanga za pa sikelo, ntchito ya tsiku ndi tsiku yosajomba. Ndinakondwa, ngakhale kuti mmisiriyo kwa ine anaoneka miyendo m'mwamba. Sindinalabadire. Lachiwiri linali la ndalama zinayi. Munthu wakhala pansi, ndalama ina waikumbatira pachifuwa ndi manja onse, ina pamutu, ziwiri waziponda ndi mapazi. A Mukhova anati kusunga n'kwabwino, munthu ameneyu sagona ndi njala, koma taonani, sangaime, sangapereke moni, sangalandire kanthu chifukwa manja adzaza. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti pansi pa bedi sipachita chinyezi.

Za pansi pa bedi sindinauze munthu. Lero ndikudziwa kuti theka la madala opuma ntchito kuno amakumba pansi pa bedi, ndipo khuku ankadziwa zimenezo. Tsiku limenelo ndinaona ngati wandilowa m'nyumba.

Anatembenuza lachitatu, la kumene ndikulowera.

Awiri oyambawo ndinawaona mitu pansi, koma ili linandiyang'ana choongoka, ngati lajambulidwira ine ndekha. Anthu awiri ovala sanza akuyenda m'zoyera zikugwa ngati matalala. Mwamuna ali pa ndodo zoyendera, mwendo womanga nsalu. Mkazi wafunda kansalu kong'ambika, phazi lili pansi. Pamwamba pawo zenera la tchalitchi, ndalama zisanu zikuwala m'menemo, iwo ali kunja. Ine bondo langa lamanja linali litayamba kale kuvuta. Mkaziyo anali wamtali ngati make Esinati.

"Ili ndi la ndalama zisanu," anayamba a Mukhova, "ndipo mmene lagweramu..."

Sindinamve zotsala. Mpando unagwa. Ndinamva akuitana kuti a Kapito, lachinayi simunaone, koma ine ndinali nditadutsa kale mpanda. Ndinayenda m'mizere ya tiyi ngati ndikuthawa njuchi.

Miyezi isanu ndi umodzi ndinakhala ndi chithunzi chimenecho m'maso. Tiyirumu ndinaletsa. Dzenje ndinakuza. Nyama m'nyumba ndinaletsa, sopo ndinkadula ndi mpeni. Ndikaona wopemphetsa ku Bvumbwe ndinkawoloka msewu, kuopa kuona nkhope yanga. A Mukhova anatuma uthenga kawiri kudzera kwa Nasibeko kuti ndibwere timalize. Ndikawaona panjira ndinkakhota. Kenako kwacha inagwa mphamvu, mitengo m'sitolo inakwera ngati yalumidwa. Ndalama zimene zikanagula malata, mabenchi, ketulo ndi matumba a fulawa zinatsala zogula mwina theka lake. Nditafukula chitini ndinapeza chinyezi chalowa, ndalama za pansi zamatana, zachita nkhungu. Make Esinati anangokhala pakhonde atafunda chitenje chakale, chiperoni chikugwa, phazi lili pansi. Nditamuona choncho ndinati khadi lija layamba kuyenda.

Inali nyengo yoipa, imene mphekesera za opopa magazi zinkayenda m'midzi, anthu akugona m'magulu, mlendo aliyense akufunsidwa chimene wanyamula. Munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Ine ndinapita pa geti tsiku la malipiro, anthu ali mazanamazana, n'kutsegula mawu anga onse a ukapitawo. Ndinati khuku uja wandilodza ndi makhadi a nyenyezi. Ndinati anaona pansi pa bedi langa ali kwawo. Ndinati anandijambula ine ndi mkazi wanga tili m'sanza, ndipo zikuchitika.

Ndinkafuna chiyani? Mpaka lero sindidziwa. Mwina ndinkafuna mantha anga ndigawireko ena.

A Chikopa anatsika pa njinga.

"Mwamva nokha. Si ine ndanena, ndi a Kapito. Nyenyezi imeneyo ndi ya satana. Mumati Nasibeko okala anaitenga kuti? Magazi athu ndi amene akulemeretsa anthu."

Gulu linanyamuka. Dzuwa linali pamutu. Ndinaona amuna amene ndinkawadziwa ndi mayina akutola miyala m'ngalande, wina atanyamula chikwanje chodulira tiyi, wina kabotolo ka petulo. Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene ndachita. Ndinawatsatira ndikutsimphina. Ndinayesa kukuwa kuti dikirani, koma mawu osatuluka. Ine Liphava, mawu osatuluka.

Tinawapeza pa benchi, epuloni ili m'chiuno, akusankha nandolo. Sanathawe. Akanathawira kuti, munthu wa zaka zimenezo? Mwala woyamba unagunda mpeyala. Wachiwiri unawapeza pamwamba pa diso. Magazi anatsikira pa epuloni yoyera, ndipo gulu linakhala chete pang'ono, monga limachitira lisanalumphe. M'kachetechete kameneko a Mukhova anandipeza ndi diso limodzi. Anasuntha pa benchi n'kugogoda thabwa kumanzere.

"A Kapito, khalani apa. Sitinamalize."

Ndinamva fungo la petulo kumbuyo kwanga. Ndinadziwa kuti ndikakhala pamenepo, mwala wachitatu sudzasankha. Ndinapita. Osati chifukwa cha kulimba mtima, ayi. Miyendo inangonditengera, ndipo ndinakhala phewa ndi phewa ndi khuku, pamaso pa anthu onse amene ndinkawakalipira pa sikelo.

Anatsegula chitini cha makhadi osasamba m'manja, kamodzi kokha m'moyo wawo. Anasankha makhadi atatu aja n'kuwayala monga anagwera tsiku lija. Mmisiri choongoka. Wokumbatira ndalama choongoka. Lachitatu analiika mitu ya osauka aja ikuloza kwa ife.

"Linagwa chonchi. Mukuliona bwanji muli kuno?"

"Lazondoka."

"Nanga muli uko munaliona bwanji?"

Anafotokoza motsitsa, moti akutsogolo okha ndi amene ankamva. Ati la ndalama zisanu likaongoka ndi usiwa ndithu, kusowa ndi kutsekeredwa kunja, ngakhale apo zenera likuyaka, thandizo lili pafupi koma anthuwo sakweza maso. Likazondoka ndiye kuti kuzizira kukutha, munthu akupeza khomo. Ati ankafuna kundiuza kuti mantha a umphawi amene ndinali nawo atha, ndikangomasula dzanja limodzi. Kenako anatulutsa lachinayi, la langizo, limene ndinalithawa. Munthu pa kavalo wakuda wonenepa, kavaloyo wangoima, kumbuyo munda wolima bwino. Ati pa apakavalo onse a m'paketi ndi yekhayu sathamanga. Ndi ndalama ya pang'onopang'ono, ya tsiku ndi tsiku, ya kapu imodzi imodzi ya tiyi.

"Akunama," anatero a Chikopa. "Walitembenuza pompano."

Nasibeko ndi amene anayankha, ali kumbuyo.

"Tonse timakhala kumanzere kwawo. Ndani pano anakhalapo kutsogolo? Inu a Chikopa simungadziwe, mumaima kunja kwa mpanda."

Amayi ena anang'ung'udza kuvomereza, koma miyala inali idakali m'manja. Pamenepo mawu anga anabwerera. Ndinaimirira, ndinakuwa kuposa mmene ndinakuwirapo m'munda uliwonse. Ndinati ndine ndinakana benchi chifukwa cha matama. Ndinati ndalama zanga sanadye ndi satana, zadyedwa ndi chinyezi pansi pa bedi langa, amene akufuna akaone dzenje. Ndinati woponya mwala wina ayambe ine, ndipo ndinayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi, monga ndinkachitira poitana ku sikelo, dzina ndi mudzi wake. Munthu ukamutchula dzina, gulu limamuthawa. Miyala inayamba kugwa pansi.

Koma gulu silibwerera chimanjamanja. Anati makhadi apse. A Mukhova anakankha chitini okha. Petulo uja anagwira ntchito yake pa mapepala, ndipo iwo ankayang'ana wapakavalo akupindika m'moto, magazi akuuma pa tsaya. Anthu atabalalika ndinapeza dzanja langa lafumbata chinthu pachifuwa, zala zitauma. Linali la ndalama zisanu. Sindikumbuka pamene ndinalitola. A Mukhova anayang'ana mmene ndalikumbatira, n'kuseka pang'ono.

"A Kapito, mwafanana ndi wa ndalama zinayi uja. Sungani, koma musakwirire."

Diso lija silinaonenso bwino. Sanawerengerenso munthu makhadi, ngakhale mphunzitsi wina wobwera anati angawaitanitsire paketi ina ku Blantyre. Ankati khuku mbale ikasweka saphikira m'zigoba. Anthu ankabwerabe pa benchi, ndipo iwo ankafunsa mafunso omwe aja opanda makhadi: ya mchere umatenga pati, ukabwereka teni ubweza zingati. Koma ndinaona kuti anthu akadutsa ambiri pamsewu, kaya ndi a mpira, kaya ndi a ukwati, ankasiya kulankhula, dzanja lili pa chipsera, mpaka phokoso lithe. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala choncho. Mantha amene ndinapita kukagawa pa geti aja, gawo lalikulu linatsalira iwo.

Tiyirumu tinatsegula ndi zimene zinatsala, kakang'ono, mabenchi awiri ndi ketulo imodzi. Sikanatilemeretse, koma sitinagonepo ndi njala. M'mawa uliwonse ndinkawapititsira kapu ya tiyi ndi mandasi awiri, ndekha, osatuma munthu. Ankalandira n'kunena kuti shuga wachuluka, ndikudya mpamba. Mawu oti ndakukhululukirani sanawanene, ndipo ine sindinafunse. Ndinkaopa yankho. Ndinkati ndifunsa mawa.

Dzulo ndinapita kunyumba kwawo. Achibale agawana kale ziwiya, chitseko amanga ndi waya. Mpeyala wagwetsa masamba pa kathebulo, palibe wosesa. Benchi lokha palibe analifuna, mwendo umodzi ndi wa njerwa. Kumanja kwake thabwa linasalala, lachita kadzenje pamene ankakhala. Ndinatulutsa khadi lija m'thumba la jekete, ndinaliika pa kathebulo mmene iwo analiikira, n'kukhala kumanzere. Kuchokera pamenepo linali lozondoka ndithu, kuzizira kukutha. Ndinakhala mpaka tiyi amene ndinabweretsa anazizira m'kapu. Tsidya lina la kathebulo sindinayerekeze kupitako.